"Oda yanga yafika pati?" Mmene mungakonzere masiteji a oda kuti shopu yonse iziyankha chimodzi

Funso ili ndaliyankha mpaka pakamwa pauma, anthu a mashopu amene mumalandira maoda pa WhatsApp mukumafunsa chimodzimodzi kuti titani kuti kasitomala asiye kuimba foni m'mawa, masana, madzulo kufunsa kuti katundu wanga ali pati. Nde ndaganiza ndingolemba kamodzi basi. Chitsanzo changa ndi shopu ya telala ku Lilongwe yomwe imasoka madiresi ndi mayunifomu, ena amabwera kudzatenga okha, ena timawatumizira pa kabaza mutauni momwemo, ena ali ku Mzuzu kapena ku Blantyre nde katundu amakwera koriya kapena basi. Ngati inu mumaphika makeke kaya mumasindikiza ma T-sheti mungosintha dzina la siteji imodzi yapakati, zina zonse ndi zomwezi.

Siteji yomwe ndikunena pano ndi mawu amodzi amene mwalemba pambali pa oda, onena pamene yafika. Siteji yabwino imayankha mafunso awiri nthawi imodzi: katunduyo ali m'manja mwa ndani panopa, ndipo akudikira chani kuti asunthe. Mawu amene sakuyankha ziwirizi ndi ongokongoletsa kope.

1. Oda iliyonse ikhale ndi nambala, ndipo ilembedwe malo amodzi

Musanaganize za masiteji yambani ndi nambala. 0411, 0412, 0413, mukungowonjezera. Dzina la kasitomala silokwanira chifukwa mayi mmodzi yemweyo atha kuoda diresi lero kenako mayunifomu a ana sabata yamawa, nde mukati "oda ya mayi a ku Area 25" wina akuganiza diresi wina akuganiza yunifomu. Nambalayo ilembedwe pa kapepala kobayidwa ndi phini pa nsalu, pa jumbo, pa risiti komanso mu meseji iliyonse yopita kwa kasitomala.

Malo olemba akhale amodzi. Kope lalikulu la pa kauntala ndi lokwanira ngati nonse mumagwira ntchito m'chipinda chimodzi, koma ngati bwana ali ku Limbe kukaoda nsalu ndipo akufuna kuona pa foni, gwiritsani Google Sheets. Chimene chimapha anthu ndi kukhala ndi kope, ndi gulu la WhatsApp, ndi mutu wa bwana, zonse zitatu zikunena zosiyana.

2. Tsatirani oda imodzi ndi maso, muwerenge pamene ikusintha manja

Musakopere masiteji a shopu ina. Tengani oda imodzi yeniyeni ndipo lembani paliponse pamene yachoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo. Mu shopu ya telala zimayenda chonchi: mtsikana wa pa foni walandira, bwana wavomera mtengo ndi tsiku, wodula ndi wosoka atenga, woayina ndi kupakira watenga, wa kabaza kapena koriya watenga, kasitomala walandira. Pamene pasintha manja mpamene pafunika siteji, poti mpamene katundu amasowera. Mkati mwa ntchito ya munthu mmodzi musaikemo masiteji, zoti "ikudulidwa", "ikuikidwa zipi", "ikuikidwa mabatani" palibe angamazisinthe tsiku lonse ndipo pakatha sabata kope lidzayamba kunama.

Ine ndimakonda zisanu ndi ziwiri izi:

```
1 YALANDIRIDWA
2 YATSIMIKIZIDWA
3 IKUSOKEDWA
4 YAKONZEKA
5 ILI PANJIRA
6 ILI PA DEPOTI
7 YAPEREKEDWA
```

Ya nambala 6 ndi ya katundu wopita kunja kwa tauni yekha. Oda ya kabaza imachoka pa 5 kupita pa 7, ndipo amene akudzatenga yekha pa shopu amachoka pa 4 kupita pa 7. Kudumpha siteji kotere kulibe vuto bola mwagwirizana kale kuti njira iyi imadumpha ziti.

Mawu ngati "tikuikonza", "ili mkati", "yatheka" muwataye. "Yatheka" wosoka akutanthauza kuti wachotsa pa makina, kasitomala akumva kuti anyamuke adzatenge, pomwe diresi siinaayinidwe ndipo mpendero sunaonedwe.

3. Ndalama muzipatule, zisalowe mu masiteji a katundu

Apa mpamene ambiri mumasokoneza. Mumaika "walipira" ngati siteji pakati pa ena, nde kubwera kasitomala amene walipira theka, wina walipira zonse nsalu isanagulidwe nkomwe, wina ndi sukulu yomwe imalipira katundu atafika kale. Mzere umodzi sungathe kunena zonsezi. Katundu ali ndi ulendo wake, ndalama zili ndi ulendo wake, nde pakhale madanga awiri oyandikana. Danga la ndalama likhale ndi zinayi zokha: SANALIPIRE, DIPOZITI, WAMALIZA, TABWEZA. Dipoziti ndi ndalama yoyambira ija, balansi ndi yotsala.

Kenako mumangirira ziwirizi ndi malamulo awiri. Oda siichoka pa YALANDIRIDWA popanda dipoziti, ndipo siichoka pa YAKONZEKA kupita panjira balansi isanalowe, pokhapokha bwana walemba yekha kuti uyu ndi wangongole. Ndipo "yalowa" zikutanthauza kuti mwaiona pa foni ya shopu, meseji ya Airtel Money kapena TNM Mpamba kapena ya kubanki yafika ndipo ndalama zakweradi mu akaunti. Sikirinishoti yochokera kwa kasitomala si umboni, zimenezo anthu amakonza, ena amatumiza yakale. Lembani Transaction ID mu kope kuti imodzi yomweyo isagwire ntchito pa maoda awiri.

4. Siteji iliyonse ikhale ndi khomo, mwini wake ndi umboni

Iyi nde sitepe yovuta ndipo ambiri amaidumpha, amangolemba mayina okoma asanu ndi awiri aja nkumati tamaliza. Mayina paokha sathandiza. Pa siteji iliyonse mukhale pansi ndi antchito anu muyankhe zitatu: chichitike ndi chani kuti oda ilowe mu siteji imeneyi, ndani yekhayo amene ali ndi mphamvu yosintha, ndipo umboni wake ndi uti woti munthu wina atha kuuona osafunsa aliyense.

Ndipo lamulo limene ndimaumirira kwambiri ndi ili: amene WALANDIRA katundu ndi amene amasintha siteji, osati amene wapereka. Wopereka nthawi zonse amafuna zichoke m'manja mwake msanga, nde amalemba kuti zapita pomwe jumbo idakali pansi pa tebulo. Wolandira sangalembe kuti ndalandira chinthu chimene sanachigwire chifukwa chikasowa afunsidwa ndi iyeyo. Pamene wolandira ndi wakunja, monga koriya kapena kasitomala, wa pa foni ndi amene amalemba koma pokhapokha umboni wochokera kwa wolandirayo wafika.

Tiyeni tiyende ndi oda imodzi. Tinene kuti oda 0412 ndi madiresi 6 a chinkhoswe, kasitomala ali ku Mzuzu, mtengo wonse K180,000, mwambo uli Loweruka la sabata yamawa.

Meseji yafika Lolemba, wa pa foni wapatsa nambala, YALANDIRIDWA. Apa simunalonjeze kalikonse, mwangomva. Nsalu musagule, musadule. Kuti ilowe pa YATSIMIKIZIDWA pafunika zinayi zonse pamodzi: miyezo ya anthu onse 6 yalembedwa, chithunzi cha sitayilo ndi chitenje kasitomala wavomera polemba osati pa foni yongolankhula, tsiku lopereka mwagwirizana, ndipo K90,000 ya dipoziti yaoneka. Ngati miyezo yabwera ya anthu 5 okha, oda siinatsimikizidwe, olo dipoziti italowa yonse. Ndikudziwa zimawawa kuona ndalama zalowa koma osayamba ntchito, koma mukayamba ndi 5 wachisanu ndi chimodziyo adzatumiza miyezo Lachinayi usiku chitenje chitatha ndipo mtundu womwewo pamsika palibenso. Amene amasintha apa ndi bwana kapena amene wasiyiridwa shopu, chifukwa ndi amene akudziwa ngati makina ali ndi mpata.

Tsiku lolonjezalo muliwerenge chobwerera m'mbuyo. Mwambo uli Loweruka, kasitomala afunika ayese madiresi pofika Lachinayi kuti ngati pena pathina apeze telala wa konko, nde katundu achoke ku Lilongwe Lachiwiri, nde akhale YAKONZEKA Lolemba madzulo. Tsiku limene mulembe kwa osoka ndi Lolemba limenelo, osati Loweruka. Magetsi akathima tsiku limodzi mudakali ndi popumira.

IKUSOKEDWA amalemba ndi wosoka pamene watenga nsalu ndi kapepala ka miyezo m'manja, ndipo dzina lake lilembedwe pambali. Oda imene yatsimikizidwa koma palibe waitenga idakali pa 2, ndipo kusiyana kumeneku nkofunika, mukaona maoda ambiri aunjikana pa 2 ndiye kuti mukulandira ntchito yoposa manja amene muli nawo.

YAKONZEKA salemba wosoka. Amalemba wopakira, atawerenga kuti madiresi alipodi 6, wayeza ndi tepi kufananiza ndi kapepala, zipi zikuyenda, aayinidwa, ali mu jumbo yolembedwa 0412, ndipo wajambula chithunzi. Chithunzicho chimapita kwa kasitomala limodzi ndi pempho la balansi ya K90,000 ndi ndalama ya koriya ngati amalipira ndi iye.

Nanga ngati 4 atha, awiri sanathe? Oda yonse imakhala pa siteji ya chinthu chotsalira kwambiri, nde 0412 idakali IKUSOKEDWA. Ngati kasitomala wanena kuti tumizani anayiwo kaye, igaweni ikhale mizere iwiri, 0412A ndi 0412B, uliwonse ndi siteji yake. Musalembe "ina yapita ina ikubwera" pa mzere umodzi, pakatha masiku atatu palibe adzakumbuke kuti inapita ndi iti.

ILI PANJIRA ndi pamene katundu wachoka m'manja mwa shopu ndipo pali pepala. Ku koriya amakupatsani risiti, ena amati weyibilu, ili ndi nambala ya phukusi, imeneyo ijambulidwe itumizidwe ku foni ya shopu. Mnyamata amene wanyamuka pa shopu ndi jumbo kupita ku ofesi ya koriya sanatumize kanthu, mwina apeza atseka, mwina galimoto ya lero yapita kale. Mpaka risiti ioneke oda idakali YAKONZEKA. Ngati mwapatsira kondakitala wa basi, lembani nambala ya galimoto, nambala ya foni yake ndi nthawi imene yanyamuka, zitatu zonsezi zipite kwa kasitomala.

Tsopano apa mpamene pamabuka mikangano yambiri. Phukusi lafika ku Mzuzu Lachitatu, a koriya atumiza meseji kapena mwaimba mwamva kuti lafika, nde wa pa foni mwachangu walemba YAPEREKEDWA. Ayi. Lili pa shelefu mu ofesi, kasitomala sanaligwire, mwina meseji inapita pa nambala imene anasiya kugwiritsa ntchito, mwina watuma mlamu wake amene alibe chitupa ndipo amubweza. Mukatseka oda pamenepa imachoka m'maso mwanu, palibe aitsatirenso, nde mudzamva Lachisanu usiku munthu akulira pa foni. Nchifukwa chake pali ILI PA DEPOTI, kutanthauza kuti yafika m'tauni yawo koma ikudikira iwowo, ndipo ntchito ya shopu pa siteji imeneyi ndi kukumbutsa tsiku lililonse mpaka atenge.

YAPEREKEDWA umboni wake uchoke kwa kasitomala: wayankha kuti ndalandira, kapena wasayina. Kwa a kabaza, awa anyamata a njinga zamoto amene timawatuma mutauni, ine ndimakonda kanjira aka. Potumiza katundu mumutumizire kasitomala manambala anayi aliwonse, tinene 5830, nkumuuza kuti awatchule kwa wa kabaza pokhapokha jumbo ili m'manja mwake. Wa kabaza akuimbirani nkutchula 5830, mwadziwa kuti wakumanadi ndi mwini wake, sanasiye kwa mlonda wa geti ina. Wa kabazayo manambala musamuuze, zimenezo nzachidziwikire koma ndanena ndithu.

5. Konzerani maoda amene achoka mu mzere

Si oda iliyonse imayenda 1 mpaka 7. Pafunika atatu apambali: YAIMA, YATHETSEDWA, YABWERERA.

YAIMA ndi yoopsa chifukwa imasanduka dzala lotayamo chilichonse chovuta. Nde isalembedwe yokha, nthawi zonse ikhale ndi zitatu pambali: chifukwa, tikudikira ndani, ndipo tidzaionanso liti. Mwachitsanzo "YAIMA, chitenje chatha, tikudikira kasitomala asankhe china, tiimbe Lachitatu". Siteji imene inali isanaime musafufute, kuti ikadzuka ibwerere pomwepo. Ndipo tsiku lopereka lisinthidwe nthawi yomweyo kasitomala auzidwe, osadikira kuti adzazindikire yekha. Kulemba kuti tikudikira ndani kumakutetezaninso, munthu amene anakhala masiku anayi osatumiza miyezo akamadzakalipa kuti mwachedwa mumangomuonetsa meseji ija.

YATHETSEDWA amalemba bwana yekha, ndipo danga la ndalama linene ngati dipoziti yabwezedwa. Gwirizanani poyamba pomwe kuti nsalu ikadulidwa, kutanthauza oda ikalowa pa 3, dipoziti siibwerera, ndipo mawu amenewa akhale mu meseji yotsimikiza ija. YABWERERA ndi ya katundu amene anaperekedwa koma wabwezedwa kuti akonzedwe. Mzere wakale musaubweze m'mbuyo kuchoka pa 7 kupita pa 3, tsegulani watsopano, 0412R, kuti kumapeto kwa mwezi muone kuti zobwerera zinali zingati ndipo anasoka ndani.

6. Kasitomala asamve zonse, amve zimene zikumukhudza

Antchito amafuna masiteji onse, kasitomala ayi. Mutumizireni meseji pamene pali chimene ayenera kudziwa kapena kuchita: yatsimikizidwa, yakonzeka, ili panjira, yafika pa depoti, komanso nthawi iliyonse imene yaima. Meseji iliyonse inene nambala, pamene yafika, chotsatira ndi tsiku lake. Monga chonchi: "Mayi, oda yanu 0412 yakonzeka, madiresi onse 6 ndi awa pa chithunzi. Mukatumiza balansi ya K90,000 lero, mawa Lachiwiri tipereka ku koriya ndipo tikutumizirani risiti." Munthu amene wauzidwa kuti chotsatira chichitika mawa saimba lero. Zoti "posachedwa" kapena "tikuuzani" nzimene zimabweretsa mafoni aja.

Mu WhatsApp Business muli Quick replies, mumasunga meseji kamodzi nkumaiitana polemba / ndi dzina lake, nde mumangosintha nambala ndi tsiku. Mulinso tizizindikiro tomata pa macheza, monga New order, Pending payment ndi Paid, mutha kusintha mayinawa kuika anu. Koma dziwani ziwiri. Kasitomala saziona zimenezi, nde kusintha kachizindikiro si kumuuza. Chachiwiri, mukamata pa macheza a munthu amene ali ndi maoda awiri simudziwa kuti Paid ikunena iti. Zigwiritseni pokuthandizani kupeza macheza msanga, koma choona chikhale mu kope kapena mu tebulo la Google Sheets lija.

Amene muli ndi shopu ya pa intaneti ya WooCommerce, imabwera ndi Pending payment, Processing, On hold, Completed, Cancelled, Refunded ndi Failed. Muona kuti palibe ya panjira kapena ya pa depoti, kuyambira kudula nsalu mpaka kupakira zonse zimangokhala mu Processing, ndipo ambiri amadina Completed tsiku lotumiza. Gwirizanani kuti kwa inu Completed ndi 7 basi, zapakatizo muzitsatira mu tebulo lanu kapena amene anakukonzerani webusayiti awonjezere masiteji.

7. Lembani tsiku limene siteji yasintha, ndipo muziona m'mawa uliwonse

Siteji yopanda tsiku siikuuzani ngati zili bwino. ILI PANJIRA kuyambira dzulo ndi zabwinobwino, ILI PANJIRA kuyambira sabata yatha ndiye kuti phukusi lasowa. Nde pakhale danga la "yasintha liti", ndipo siteji iliyonse muipatse malire malinga ndi ntchito yanu, mwachitsanzo YALANDIRIDWA isagone kawiri osayankhidwa, YAKONZEKA ikapitirira masiku atatu imbani za balansi, ILI PANJIRA ya ku Mzuzu kapena ku Blantyre ikapitirira masiku awiri imbani ku koriya ndi nambala ya risiti ija.

Mu Google Sheets danga la siteji likhale losankha osati lolemba, pitani pa Data kenako Data validation nkusankha Dropdown, apo ayi wina alemba "panjira" wina "yapita" wina "ON THE WAY" ndipo kusefa kukanika. Ngati siteji ili mu danga E ndipo tsiku losintha lili mu G, ikani ichi mu danga lina nkukokera pansi:

```
=IF(OR(E2="7 YAPEREKEDWA",E2="YATHETSEDWA",G2=""),"",TODAY()-G2)
```

Chikuonetsani masiku amene oda yakhala pa siteji imodzi, zotsekedwa sichiwerenga. Tsiku la mu G lilembeni ndi manja nthawi imene mukusintha siteji, musaikemo TODAY() chifukwa limasintha lokha tsiku lililonse nde zonse zizioneka ngati zasintha lero. A kope, ingolembani deti pambali pa siteji iliyonse yatsopano osafufuta yakale, mzerewo uzionetsa ulendo wonse.

M'mawa musanayatse makina, munthu mmodzi awerenge mokweza maoda onse amene sanafike pa 7, kuyambira amene akhalitsa, ndipo mwini siteji ayankhe. Kamodzi pa sabata chitani mobwerera, yambani ndi majumbo amene ali pa shelefu, tengani iliyonse muone nambala nkuyang'ana ngati kope likunena zomwezo. Mukapeza jumbo ya 0398 ili pa shelefu pomwe kope likuti ILI PANJIRA, funsani risiti ya koriya ili kuti, ndipo ngati palibe ibwezeni pa 4 ndi kumuuza kasitomala tsiku latsopano lero lomwe.